Kalata ya Bwana Ikafika pa Siwa

Mmalawi akamwalirira ku Joni, thupi lake nthawi zambiri limabwera kumudzi pamsewu. Galimoto imadutsa pa Beitbridge, kudula dziko la Zimbabwe mpaka pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kudzalowa m'Malawi pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Woperekeza malirowo, amene kawirikawiri amakhala mbale kapena mnzake wa kuntchito, amanyamula mapepala a m'zipata ndi ndalama zimene anthu asonkha. Nthawi zina amanyamulanso uthenga wopepesa umene bwana wa malemu walemba m'Chingerezi, papepala kapena pa WhatsApp, n'kumuuza kuti akawerengere achibale.

Bwanayo walemba ndi mtima wonse. Koma walemba monga amalembera kwawo, kumene kalata yopepesa imachokera kwa munthu mmodzi kupita kwa munthu mmodzi, ndipo wolandirayo amaitsegula yekha m'nyumba n'kuiwerenga chamumtima. Kumudzi sizikhala choncho. Uthengawo ukamveka pabwalo, mafumu atakhala pamipando, azibambo ali pansi pa mtengo, amayi ali kusiwa, bokosi lili poteropo. Wowerenga akaimirira pambuyo pa woimira banja, ndipo anthu mazana akamvetsera. Mawu amene anali achikondi m'maso mwa munthu mmodzi akhoza kumveka achipongwe m'makutu a mudzi wonse, ngakhale womasulirayo sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Tiyerekeze nkhani imodzi yofanana ndi zambiri zimene zimachitika. Bambo wina wa ku Dedza, wa mfunda wa Phiri, wagwira ntchito zaka 9 pa galaja ina ku Johannesburg, ndipo wamwalira ndi khansa. Mwini galajayo, mwamuna, walembera mkazi wa malemu ziganizo zisanu ndi chimodzi. Mnyamata amene waperekeza maliro amadziwa Chingerezi bwino, ndipo ali m'galimoto watenga cholembera n'kutembenuza chiganizo chilichonse monga chilili. Chimene chatuluka ndi ichi:

"Wokondedwa Uje, ndili wachisoni kumva za kutaya kwako. Mwamuna wako anali membala wamtengo wapatali wa timu yathu ndipo anali woseketsa. Anamenya nkhondo yolimba ndi khansa. Adzasowedwa kwambiri. Maganizo anga ali ndi iwe pa nthawi yovutayi. Undidziwitse ngati pali chilichonse chimene ndingachite. Wako, Uje."

Liwu lililonse pamenepa lili ndi mnzake m'kalata ya Chingerezi ija. Koma munthu aliyense amene anakulira pa maliro a kwathu akhoza kumva kuti mawu amenewa sangawerengedwe pabwalo.

Ulemu umayambira pa "iwe" ndi "inu"

Chingerezi cha masiku ano chili ndi liwu limodzi lokha loitanira munthu amene ukulankhula naye, kaya ndi mwana, kaya ndi mfumu, kaya ndi gulu. Bwana uja sanasankhe pakati pa "iwe" ndi "inu" chifukwa chinenero chake sichinamupatse mwayi wosankha. Amene amasankha ndi womasulira, ndipo akalemba "kwako", "wako", "undidziwitse", waika m'kamwa mwa bwanayo mwano umene mwiniwake sanauganize n'komwe. Mayi wamkulu, mkazi wa mwini, amene wangoferedwa kumene, ndi "inu" nthawi zonse.

Ambiri amadziwa zimenezi, koma amakonza theka. Amalemba "inu" poyamba, kenako pakati pa uthenga n'kuterereka: "amuna anu anali munthu wabwino, tinkamukonda, ntchito yake inali yooneka." Ulemu m'Chichewa umayenda m'chiganizo chonse, ndipo ukaduka pena paliponse khutu limamva. Ngati malemu ayamba ndi "a", ndiye kuti ndi "tinkawakonda", "ntchito yawo", "mzimu wawo", mpaka kumapeto. Njira yosavuta yodziyesera ndi kudutsa m'kalatamo ndi cholembera, kufunafuna "wake", "yake", "-mu-" ndi "-ko", n'kufunsa pa aliyense kuti akuloza yani.

Ulemu umenewu umabweretsa kavuto kake, chifukwa "a" wa ulemu ndi "a" wa anthu ambiri amamveka chimodzimodzi. "Atisiya" akhoza kukhala munthu mmodzi kapena khumi. Chimene chimathandiza ndi dzina la chinthu. Pamene Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 pamodzi ndi anthu ena 8, mauthenga opepesa ochokera kunja anabwera m'Chingerezi, ena okamba za iwo okha, ena za onse 9. Womasulira uthenga wotere ayenera kumvetsera kuti wolemba akunena yani: "mzimu wawo" ndi wa munthu mmodzi wolemekezeka, "mizimu yawo" ndi ya onse. Kusiyana kwake n'kwa zilembo zochepa, koma kwa mabanja 8 enawo n'kumene kumasonyeza ngati akumbukiridwa.

Tibwerere ku Dedza. Mawu oyamba a kalata ija, "Wokondedwa Uje", ali ndi mavuto awiri. M'Chingerezi liwu lotsegulira kalata linatha kale mphamvu. Amalembera nalo ngakhale a kubanki ndi a msonkho. M'Chichewa "wokondedwa" akadali wamoyo. Mwamuna wachilendo akatchula mkazi wa mnzake "wokondedwa", n'kuwonjezera dzina lake loyamba, kenako n'kutseka ndi "wako", pamaso pa alamu ndi apongozi, anthu ayamba kuyang'anana. Vuto lachiwiri ndi lakuti kalatayo yalunjika kwa munthu mmodzi, pamene maliro ndi a mbumba yonse. Kwa Achewa a ku Dedza, akuchimuna amene abereka malemuyo, alongo ake ndi amalume ake, aferedwa mofanana ndi mkaziyo, ndipo uthenga umene sukuwatchula umawasiya panja. Chotsegulira choyenera ndi chonga ichi: "Kwa mayi a kunyumba kwa malemu bambo Phiri, ana ndi abale onse." Dzina loyamba la malemu, limene bwana ankawaitanira tsiku ndi tsiku pa galaja, limalowedwa m'malo ndi mfunda kapena dzina la bambo awo.

Pa mawu a ubale pamafunika kufunsa, osati kulota. Chingerezi chimaika mchimwene wa mayi ndi mchimwene wa bambo m'liwu limodzi, pamene kwa ife wina ndi amalume, wina ndi bambo aakulu kapena aang'ono. Chimodzimodzinso azakhali ndi mayi aang'ono. Wogwira ntchito akauza bwana wake kuti bambo ake amwalira, pamene akunena bambo aang'ono, kalata yopepesa imabwera ikutchula bambo womubereka amene mwina ali moyo ndipo akhala pomwepo akumvetsera. Palinso liwu la "adzukulu", limene pa maliro limatanthauza okumba manda. Kalata ikatchula ana a ana a malemu, womasulira wochenjera amalemba "zidzukulu" kuti pasakhale kusokoneza.

Chisoni cha "ine" ndi "pepani" wa ife

Chiganizo choyamba cha bwana chikunena za mtima wake: iye ali ndi chisoni. Umu ndi mmene Chingerezi chimasonyezera chikondi, wolemba amatsegula mtima wake kuti woferedwa aone. Chichewa chimayamba ndi woferedwayo. Munthu akafika pa siwa amagwada kapena kunjuta, kugwira dzanja, n'kunena liwu limodzi: pepani. Akawonjezera, amati "pepani ndi zovutazi" kapena "pepani, mwakumana nazo". Uthenga wa maliro umene mulibe "pepani" umamveka ngati chilengezo, ngakhale utadzaza ndi mawu a chisoni. Choncho womasulira amatembenuza dongosolo: pepani amabwera patsogolo, chisoni cha wolemba chimatsatira.

Pali malire oyenera kuwasamala pamenepa. "Pepani" savomereza mlandu. Timamunena ngakhale kwa munthu amene wapunthwa yekha pamwala. Koma "mutikhululukire" amavomereza. Ngati malemu anamwalira pa ngozi ya kuntchito, womasulira amene wafuna kukometsa n'kulemba kuti "tikupempha kuti mutikhululukire" wasandutsa uthenga wa chitonthozo kukhala kuulula kulakwa, ndipo achibale adzaukumbukira tsiku lokambirana za chipukutamisozi.

"Kutaya kwako" ndi mawu amene amapunthwitsa omasulira ambiri. N'zoona kuti masiku ano timamva ponseponse kuti "dziko lataya munthu wofunika" kapena "tataya mzati wa banja", ndipo palibe amene amadabwa. Koma mawuwo akasanduka dzina, "kutaya kwanu", amaloza chala woferedwayo ngati kuti ndiye wataya, monga mmene munthu amatayira chikwama. Chichewa chili kale ndi liwu lake lofewa lonenera imfa popanda kuitchula: zovuta. "Kwagwa zovuta" aliyense amamva. "Zovuta zimene zakugwerani" zimanena zonse zimene bwana amafuna kunena, ndiponso zimaonetsa kuti chinthucho chachita kuwagwera.

Za imfa yeniyeniyo, Chichewa chili ndi masitepe. "Wafa" timanenera mbuzi ndi nkhuku, ndipo ngakhale m'Baibulo ndi m'miyambi limanenedwa za anthu, m'uthenga wopita kwa anamfedwa limabaya. "Amwalira" ndi liwu la ulemu la tsiku ndi tsiku, loyenera pena paliponse. "Atisiya" ndi lofunda kuposa onse chifukwa limaika wolankhula m'gulu la osiyidwa. "Atsogola" limanyamula chikhulupiriro chakuti tonse tili pa ulendo womwewo. Bwana amene wakhala ndi munthu zaka 9 ali ndi ufulu wonena kuti "atisiya". Kampani ya inshuwalansi imene sinamuonepo munthuyo ingachite bwino kukhala pa "amwalira".

Ndiye pali chiganizo chija cha maganizo. M'Chingerezi ndi mawu ozolowereka kwambiri, otanthauza kuti wolemba akukumbukira woferedwayo. Koma "maganizo" m'Chichewa amapendekera ku nkhawa. Timati munthu wawonda ndi maganizo. Ndipo "maganizo anga ali ndi iwe" ndi mawu amene mnyamata amalembera chibwenzi. Chimene bwana akutanthauza n'chakuti mtunda sunamulekanitse ndi olirawo, ndipo Chichewa chake ndi "tili nanu limodzi" kapena "ngakhale tili kutali, tikulira nanu".

Onani kuti "ine" wasanduka "ife". Kusintha kumeneku n'kwabwino, chifukwa pa maliro munthu amalankhula moimira ena: mudzi, mpingo, a kuntchito. Koma kukhale koona. Mnyamata uja ayenera kumuimbira bwanayo kapena kumulembera, n'kumufunsa ngati uthengawo ungatchulenso anzake a pa galaja. Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti inde, ndipo bwanayo amakondwa kuti wafunsidwa.

Kuyamikira malemu

Mbali yotentha kwambiri ya kalata iliyonse yopepesa ndi imene ikunena za malemu mwiniwake, chifukwa ndi yokhayo imene singalembedwe za munthu wina. Achibale a ku Dedza sanaone moyo wa mwana wawo ku Joni. Ankangolandira ndalama ndi mafoni. Zimene bwana akunena ndi umboni wa zaka 9 zimene iwo sanazione, ndipo womasulira akaufooketsa wawalanda chinthu chimene sadzachipezanso kwina.

"Membala wamtengo wapatali wa timu" ndi Chichewa cha pa sitolo ndi pa bwalo la mpira. Mtengo wapatali ndi wa katundu. Munthu pa ntchito amakhala wodalirika, wolimbikira, wokhulupirika. "Woseketsa" nayenso ndi woopsa, chifukwa akhoza kumveka ngati munthu amene anthu ankamuseka. Bwana akunena za munthu amene ankabweretsa chimwemwe pa ntchito, ndiye kuti "wansangala", "wochezeka", kapena mawu amene kwathu ndi chiyamikiro chachikulu kuposa onse, "wodziwa kukhala ndi anthu". Ngati kalatayo ili ndi kankhani, monga kakuti malemu ndiwo ankatsegula galaja m'mawa uliwonse kapena kuti anaphunzitsa anyamata atatu ntchito ya injini, kankhaniko kasachotsedwe pofuna kufupikitsa. Pamenepo ndi pamene amayi kusiwa amayambiranso kulira, ndipo ndi pamene ana adzakumbukire.

"Adzasowedwa" ndi Chingerezi chovala zilembo za Chichewa. Chingerezi chimakonda kubisa wochita, ndipo m'kalata yotere kubisako kumamveka kwaulemu. Chichewa chimafuna kudziwa kuti ndani. "Tidzawasowa" ndi lalifupi, ndipo muli anthu.

Nkhani ya matenda ndi yofunika kuima nayo pang'ono. Bwana watchula khansa, ndipo watchula mwa njira ya kwawo, ngati nkhondo imene munthu wamenya. Kunena matenda amene atenga munthu ndi udindo wa banja. Pa mwambo wa maliro pamakhala woimira banja amene amafotokoza za kudwala kwa malemu, ndipo ndi iye amene amasankha pofika. Pamene Bakili Muluzi, ali mtsogoleri wa dziko, ananena poyera mu 2004 kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, nkhaniyo inamveka kutali chifukwa zinali zosazolowereka, komanso anali mwini maliro akunena za m'banja mwake. Mlendo sayenera kutsogola pa zimenezi. Womasulira afunse achibale ngati matendawo atchulidwe. Ngati sakufuna, "adwala tikuwaona" kapena "apirira pa matenda awo" akukwanira. Asamalenso ndi mawu akuti "atadwala nthawi yaitali", amene pa zaka zimene Edzi inavuta kwambiri anthu anayamba kuwamva mwa njira ina. Kuwaika pamene wolemba sanawanene ndi kuyambitsa manong'onong'o. Za nkhondo zija, Chichewa chimayamikira wodwala chifukwa cha kupirira, ndipo liwu limenelo limanyamula ulemu wonse umene bwana amafuna kupereka.

Chimene womasulira sayenera kuwonjezera

Chiganizo chomaliza cha bwana, chopempha kuti amudziwitse ngati pali chimene angachite, ndi chaulemu kwambiri kwawo, kumene anthu amaopa kulowerera za eni. Kwathu chimamveka ngati kuzemba. Pa maliro thandizo silidikira kupemphedwa: wina amabwera ndi ufa, wina nkhuni, wina ndiwo, wina ndalama, ndipo chipepeso chimalembedwa m'kope n'kulengezedwa. Kuuza namfedwa kuti apemphe ndi kumusenzetsa ntchito ina pa tsiku limene sangathe n'komwe kudya.

Yankho lake si kupeka lonjezo. Womasulira amene walemba kuti "tidzasamalira ana" kapena "tidzabwera kudzakuonani" pofuna kuti uthenga ukome wapanga ngongole m'dzina la munthu wina, ndipo mudzi wonse ndi mboni. Chofunika ndi kubwerera kwa wolemba n'kumufunsa chimene wachita kale kapena chimene akufunadi kuchita. M'nkhani yathuyi tinene kuti bwana wapereka marandi 5,000 ndipo ndi wokonzeka kuthandiza pa mapepala a malipiro otsala. Zimenezo zilowe m'kalata momveka. Ndalamazo zitchulidwe m'marandi monga zaperekedwera, chifukwa mtengo wosinthira umasiyana pakati pa banki ndi pa chipata, ndipo woperekeza amene walengeza makwacha ongoyerekeza akhoza kudzapezeka akufunsidwa za ndalama zimene sanadye.

Dzina la Mulungu ndi nkhani ina yofunika chilolezo. Kalata ya bwana ilibe mawu achipembedzo, pamene uthenga wa maliro wa Chichewa umene sukutha ndi "Mulungu akutonthozeni" umamveka ngati wadukira panjira. Apanso njira ndi kufunsa, ndipo olemba ambiri savuta akauzidwa kuti ndi mmene anthu amatsekera. Akakana, "mulimbe mtima" ndi "tili nanu limodzi" angatseke bwino. Akalola, womasulira adziwe chipembedzo cha banjalo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu, ndipo ambiri mwa amene amapita ku Joni amachokera ku Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Liwu lakuti "Mulungu" limalandiridwa ku tchalitchi ndi ku mzikiti komwe, pamene "Ambuye Yesu" ndi la Akhristu okha. A Mboni za Yehova sakhulupirira kuti mzimu umapitiriza kukhala moyo munthu akamwalira, choncho mawu ofunira mzimu mpumulo sawayenera. Kwa iwo chitonthozo chili pa kuuka kwa akufa.

Mawu ofunira mzimu mpumulowo ali ndi msampha wa kalembedwe umene umaoneka kawirikawiri pa mafoni ndi pa nsalu za maliro. Liwu lake ndi "kuusa", kutanthauza kupuma, ndiye timati "mzimu wawo uuse mumtendere". Ambiri amalemba "uwutse", koma "kuutsa" ndi kudzutsa. Chilembo chimodzi chimatembenuza pemphero lonse, ndipo wowerenga mokweza amatchula chimene chalembedwa.

Wolemba akaika vesi la m'Baibulo, monga Salimo 23 limene limakondedwa pa maliro, womasulira asalitembenuze yekha kuchokera ku Chingerezi. Anthu amawadziwa mavesi amenewa pamtima, ndipo mawu achilendo amawasokoneza. Atsegule Baibulo la Chichewa limene mpingo wa banjalo umawerenga n'kukopera momwemo. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, limatchula dzina la Mulungu kuti Yehova. Buku Loyera la 1998 limati Chauta. Mkulu wa mpingo amene akuyendetsa mwambo akhoza kunena msanga limene anthu ake analizolowera.

Zonsezi zikachitika, kalata ija imafika pabwalo ili chonchi:

"Kwa mayi a kunyumba kwa malemu bambo Phiri, ana ndi abale onse. Pepani. Pepani kwambiri ndi zovuta zimene zakugwerani. Ine mwini galaja imene bambo Phiri ankagwirako ntchito kuno ku Joni, pamodzi ndi anzawo onse, tili ndi chisoni chachikulu kuti atisiya. Takhala nawo zaka 9. Anali munthu wodalirika pa ntchito, wansangala, wodziwa kukhala ndi anthu. Adwala tikuwaona, ndipo apirira mpaka pamapeto. Tidzawasowa kwambiri. Ngakhale tili kutali, tikulira nanu limodzi. Tatumiza chipepeso cha marandi 5,000 kudzera mwa amene aperekeza malirowa, ndipo mapepala a malipiro awo otsala tikuwakonza. Pakakhala china chofunika ife, musaope kutiuza kudzera mwa iwo omwewo. Mulungu akutonthozeni nonse. Mzimu wa bambo Phiri uuse mumtendere."

Uthengawu watalika pang'ono kuposa wa Chingerezi, ndipo n'zoyembekezereka. Palibe mfundo ya bwana imene yatayika kupatula dzina la matenda, limene banja lasankha kulisunga. Zimene zawonjezeka, anzake a pa galaja, chipepeso, mapepala ndi dzina la Mulungu, zonse zavomerezedwa ndi mwini kalata. Pempho lake lakuti amudziwitse likadalimo, koma tsopano likubwera pambuyo pa thandizo looneka, ndipo lili ndi njira yodutsamo.

Mwina wina angadabwe kuti m'kalatamo mulibe kulonjera mafumu. N'zoona kuti palibe amene amaimirira pa maliro n'kuyamba kulankhula asanalemekeze mfumu ya mudzi, mafumu ena, atsogoleri a mpingo ndi anamfedwa. Koma ulemu umenewo ndi wa wowerengayo, amene waima pabwalo ndi miyendo yake. Iye alonjere m'mawu ake, anene kuti watumidwa ndi ndani, kenako anene kuti mawu otsatirawa ndi a bwana. Kuika mndandanda wa mafumu m'kamwa mwa munthu wa ku Johannesburg amene sadziwa n'komwe dzina la mudziwo kumachititsa anthu kukayika ngati kalata yonseyo si yopeka.

Asanaimirire, womasulira ayese ntchito yake m'njira zitatu zosafuna ndalama. Awerenge mokweza ataima, chifukwa chiganizo chimene sichingathe ndi mpweya umodzi chidzamuthawa pakhosi akadzaona bokosi. Awerengere munthu wamkulu wa m'banjamo kapena wa mumpingo amene sadziwa Chingerezi, n'kuyang'ana nkhope yake, pamene wakwinya pamphumi kapena wafunsa kuti "akuti bwanji?" ndi pamene Chingerezi chikadabisala. Kenako amufotokozere bwanayo m'Chingerezi zimene uthenga wa Chichewa ukunena tsopano, chiganizo ndi chiganizo, kuti avomereze asanawerengedwe m'dzina lake.

Nthawi imene uthengawo wafika imasinthanso mawu ena. Kwa Asilamu maliro amaikidwa mwamsanga, ndipo ngakhale kwa ena kalata imatha kuchedwa mpaka anthu atabalalika. Uthenga wofika patapita masabata sunganene kuti "atisiya" kapena "zakugwerani" ngati kuti ndi za dzulo, umati "anatisiya", "zimene zinakugwerani", ndipo umayamba ndi kuvomereza kuchedwako: "Pepani kuti mawu athu afika mochedwa, uthenga unatipeza maliro ataikidwa kale." Kalata yotere siwerengedwanso pabwalo. Woibweretsa amayamba waonekera kwa mwini mbumba, ndipo ndi iyeyo amene amaitana mayi a kunyumba ndi abale apafupi kuti adzamve. Ngati uthengawo ukudutsa pa foni, ndi bwino womasulira aujambule ndi mawu ake n'kutumiza pamodzi ndi wolembedwawo, kuti agogo amene sawerenga aumve okha popanda kudalira mwana wa sukulu kuti awawerengere.